Chala pa Ctrl, mutu pa Esc

Pa Ntaja, monganso pa Liwonde ndi pa Balaka, pali timashopu totayipa makalata, ma CV, malipoti a m'magulu ndi mapulogalamu a ukwati. Wotayipa m'kashopu kotere akafuna kukopera mawu amagwira batani la `Ctrl` ndi chala chaching'ono n'kudina `C`, ndipo akafuna kumata amadina `V` chalacho chili pomwepo. Potero watenga kale mbali pa mkangano umene anthu a makompyuta akhala nawo kuyambira 1976. Gwero la mkanganowo ndi losavuta kulimvetsa. Mabatani a pa kiyibodi anapangidwira zilembo, koma wolemba amafunanso kulamula makina kuti afufute mawu, adumphire mzere wina, asunge fayilo. Nanga batani la `d` lidziwa bwanji ngati munthu akufuna chilembo kapena akufuna kufufuta? Pulogalamu ya Emacs imati gwira batani lina nthawi yomweyo, `Ctrl` kapena `Alt`, ndipo ukalisiya `d` akhalanso chilembo. Pulogalamu ya Vim imati kiyibodi yonse ikhale ndi modi ziwiri: mu modi yolemba, imene Vim imaitcha `Insert`, `d` ndi chilembo, pamene mu modi yolamula, yotchedwa `Normal`, `d` yemweyo ndi lamulo lofufuta, ndipo batani la `Esc` ndilo limakutulutsa koyambako kukubwezera kwachiwiri.

Ambiri amaweruza mlanduwu powerenga mabatani amene njira iliyonse imafuna. Ine ndikuona kuti kuwerenga kumeneko sikutifikitsa patali, chifukwa pa ntchito zambiri chiwerengero chimafanana. Kusiyana kwenikweni kuli pa amene amasenza udindo wokumbukira ngati pano tikulemba kapena tikulamula. Mu Emacs amasenza ndi minofu ya dzanja. Mu Vim umasenza ndi mutu, ndipo malipiro ake ndi oti malamulo amalumikizana ngati mawu m'chiganizo n'kumabwerezeka ndi batani limodzi. Chotero amene tsiku lake limathera pa kupeka mawu atsopano, anthu akumuitana apa ndi apo, apindula ndi njira ya Emacs, pamene wokonza mizere yofanana m'mindandanda ndi m'mafayilo a makina apindula ndi ya Vim.

Njira zonse ziwiri zinaumbidwa ndi zipangizo za eni ake. Bill Joy analemba `vi`, kholo la Vim, ali wophunzira ku yunivesite ya California ku Berkeley mu 1976. Ankagwiritsa ntchito makina a ADM-3A, amene batani lake la `Esc` linali pamene lero pali `Tab`, pafupi ndi chala, ndipo mivi inali yojambulidwa pa `h`, `j`, `k` ndi `l`. Ankalumikizananso ndi kompyuta yaikulu pa lamya yoyenda pang'onopang'ono, zilembo pafupifupi 30 pa sekondi, choncho lamulo lililonse linayenera kukhala lalifupi. Emacs inabadwa chaka chomwecho ku MIT, m'manja mwa Richard Stallman, Guy Steele ndi anzawo, ndipo inakulira pa makiyibodi okhala ndi batani lapadera la `Meta` kuwonjezera pa `Ctrl`. N'chifukwa chake mpaka lero mabuku a Emacs amalemba `C-f` kutanthauza `Ctrl` ndi `f`, ndi `M-f` kutanthauza `Alt` ndi `f`. Vim yeniyeniyo inatuluka mu 1991, ntchito ya Bram Moolenaar wa ku Netherlands, amene mpaka imfa yake mu 2023 ankapempha ogwiritsa ntchito pulogalamuyo kuti m'malo momulipira athandize ana a ku Kibaale ku Uganda. Mfundo yofunika pa mbiriyi ndi yoti laputopu ya kaunjika imene ili pa desiki ku Machinga sinapangidwire Emacs kapena Vim. `Esc` ali kutali pakona ya kumtunda, `Ctrl` ali pakona ya kumunsi, ndipo onse awiri akulipira mtunda umene eni ake sanaulipirepo.

Tiyeni titenge ntchito yeniyeni. Mlembi wa gulu la alimi ali ndi fayilo ya katundu wolowa m'nyumba yosungiramo, mizere yake yotere:

```
mpunga, matumba 12, Ntaja
nandolo, matumba 7, Nselema
chimanga, matumba 30, Liwonde
```

Akufuna kusintha gawo lapakati la mzere woyamba, ndipo kachizindikiro kosonyeza pamene ali kali kumayambiriro kwa mzerewo. Mu Vim, ali mu modi yolamula, adina `f,` kuti adumphire pa koma woyamba, `w` kuti afike pa liwu lotsatira, kenako `ct,` kutanthauza kuti sintha zonse mpaka pa koma wotsatira. Mawu oti `matumba 12` achoka, Vim yalowa yokha mu modi yolemba, iye alemba zatsopano n'kumaliza ndi `Esc`. Mabatani olamula akwana asanu ndi awiri. Mu Emacs agwira `Alt` osausiya, n'kudina `f` kawiri, `b` kamodzi kuti abwerere kumayambiriro kwa liwu lachiwiri, ndi `d` kawiri kuti afufute mawu awiri. Akasiya `Alt` ayamba kulemba, ndipo palibe chotsekera. Mabatani ndi asanu ndi limodzi, kuwerengera `Alt` yemwe. Pa kukonza kamodzi kotereku palibe wopambana, ndipo aliyense amene angakuuzeni kuti imodzi imathamanga kawiri kuposa inzake wasankha chitsanzo chomukomera.

Kusiyana kumayamba kuoneka tikafunsa chimene wolembayo anauza makina. Wa Emacs anawerenga ndi maso kuti mawu ofufuta ndi awiri, ndipo gawolo likanakhala `matumba aakulu 12` akanadina `d` katatu. Wa Vim sanawerenge kanthu, anangotchula malire. Lamulo lake lili ndi magawo awiri, chochita ndi pofikira: `c` ndi kusintha, `t,` ndi mpaka pa koma. Chochita chilichonse chimagwirizana ndi pofikira paliponse. Ukadziwa `d` wofufuta, `c` wosintha ndi `y` wokopera, n'kudziwanso `w` wa liwu, `$` wa mapeto a mzere ndi `}` wa mapeto a ndime, uli ndi malamulo asanu ndi anayi pophunzira zinthu zisanu ndi chimodzi, ndipo pofikira patsopano paliponse ukapaphunzira pamakubweretsera malamulo atatu. Mu Emacs kufufuta liwu ndi `M-d`, kufufuta mpaka mapeto a mzere ndi `C-k`, kufufuta chiganizo ndi `M-k`, ndipo chilichonse chimalowezedwa pachokha, ngakhale pali dongosolo lothandiza loti `Ctrl` kawirikawiri amagwira tinthu tating'ono pamene `Alt` amagwira tokulirapo. Emacs ilinso ndi `M-z`, limene limafufuta mpaka pa chilembo chimene watchula, koma limadya ndi chilembocho chomwe, choncho pa mzere wathuwu koma ayenera kulembedwanso.

Phindu lalikulu la Vim lili pa kadontho. Tinene kuti mlembi uja akufuna kuwonjezera mawu oti `, walipira` kumapeto kwa mizere ina yokha, malinga ndi malisiti amene ali nawo m'manja. Pa mzere woyamba adina `A`, limene limamufikitsa kumapeto kwa mzere ndi kumulowetsa mu modi yolemba, alemba mawuwo, adina `Esc`. Vim imaona zonsezi, kuyambira `A` mpaka `Esc`, ngati kusintha kumodzi, ndipo imakusunga popanda kuuzidwa. Akatsikira pa mzere wina ndi `j` n'kudina `.` kusinthako kumachitikanso konse. Mzere wosafunika amangoudumpha. Emacs ingachitenso zimenezi, koma iyenera kuchenjezedwa ntchito isanayambe: `F3` kuyamba kujambula zochita, `C-e` kupita kumapeto kwa mzere, mawuwo, kenako `F4` kutseka. Kuchokera pamenepo `C-n` ndi `F4` zimagwira ntchito ya `j` ndi `.` mofanana ndendende. Vuto ndi loti munthu nthawi zambiri amazindikira kuti ntchito ndi yobwerezabwereza atafika pa mzere wachitatu. Wa Vim amapeza kuti kusintha kwake kunasungidwa kale, wa Emacs amayambiranso ndi `F3`. Lilipo lamulo la `C-x z` lobwereza, koma limabwereza lamulo lomaliza lokha, ndipo ukangotsika mzere lamulo lomalizalo ndi kutsikako. Apa m'pamene modi imadzilipirira, chifukwa `Esc` ndiye amauza makina pamene kusintha kumodzi kwathera, ndipo Emacs ilibe malire otero.

Mtengo wake uyenera kuonedwa bwinobwino, pakuti okonda Vim amaupeputsa. Tiyerekeze kuti mlembiyo waitanidwa panja, wabwerako, akuganiza kuti ali mu modi yolemba pamene ali mu yolamula, n'kuyamba kutayipa mawu oti `dengu la mpunga` maso ali pa pepala. Vim iwerenga `de` ngati lamulo lofufuta mpaka mapeto a liwu, ndipo liwu lichoka. Iwerenga `n` ngati lamulo lodumphira pa chimene chinafufuzidwa komaliza, mwina masamba atatu kutsogolo. `gu` ndi mpata wotsatirawo zisandutsa chilembo cha pamenepo kukhala chaching'ono, `l` asuntha kamodzi, ndipo `a` atsegula modi yolemba, kotero kuti `mpunga` alembedwa bwinobwino pamalo olakwika. Akadzutsa maso aona liwu limodzi losokera, alifufuta, n'kupitiriza, osadziwa kuti kumbuyo kwasowa liwu lina. Chizindikiro cha ngoziyi ndi kupeza kuti theka lokha la zimene watayipa ndilo laoneka, kapena kuti uli pa mzere umene sunali. Mankhwala ake ndi kusiya kukonza ndi manja, kudina `Esc`, kenako `u` mobwereza mpaka fayilo ibwerere mwakale, kapena kulemba `:earlier 1m` kuti ibwerere mmene inalili mphindi imodzi yapitayo. Batani la `Caps Lock` lili ndi msampha wake: likayaka mwangozi, `j` wotsika mzere amasanduka `J` wolumikiza mizere, ndipo mndandanda wa alimi khumi umakhala mzere umodzi wautali.

Zolakwa zamtunduwu zinafufuzidwapo. Larry Tesler, amene anathandiza kufalitsa kudula, kukopera ndi kumata kumene wotayipa wa pa Ntaja amagwiritsa ntchito, anathera zaka zambiri akulimbana ndi modi m'mapulogalamu. Mu 1992 Abigail Sellen, Gordon Kurtenbach ndi William Buxton anayesa anthu pa ntchito yokonza mawu yokhala ndi modi ziwiri, ena akusintha modi pa kiyibodi, ena akuponda chopondera cha phazi chimene chinkasunga modi pokhapokha chikapondedwa. Anapeza kuti kumva m'thupi kunachepetsa zolakwa kuposa chizindikiro chooneka pa sikirini. Jef Raskin, m'buku lake la mu 2000 lotchedwa The Humane Interface, anamanga pa mfundo yomweyo, yoti modi imene umaigwira ndi minofu suyiiwala. Wa kabaza wa njinga yamoto amazidziwa izi popanda buku. Kilatchi sangaiwale kuti waigwira, chifukwa dzanja likumva, koma giya amatha kuiwala kuti anaimira ili pa 3, ndipo pochoka njinga imazima. `Ctrl` ndi kilatchi, modi ya Vim ndi giya. Mawu oti `-- INSERT --` amene amaoneka pansi pa sikirini sathandiza kwambiri munthu amene maso ake ali pa pepala lolembedwa pamanja limene akukopera.

N'chifukwa chake ndikuti malo antchito ndiwo amaweruza. Modi imaiwalika pamene maganizo adulidwa, ndipo ntchito yolemba kwathu kuno imadulidwa kosalekeza. M'kashopu kotayipa wina akufuna fotokope, wina akufunsa mtengo wa chithunzi cha pasipoti, foni ikuitana. Mlembi wa pa sukulu kapena wa ku ofesi ya mfumu sakhala mphindi khumi popanda wogogoda. Ntchito yake yambiri ndi kalata, lipoti, mfundo za msonkhano, kumene amalemba chiganizo, kubwerera mawu awiri kukakonza chilembo, n'kupitiriza. Pa kukonza kwakung'ono kotereku Vim imafuna `Esc`, kusuntha, kukonza, ndi kubwerera mu modi yolemba, pamene Emacs imafuna `M-b` kawiri, kukonza, ndi `C-e`, osachoka m'kulemba. Kadontho kalibe chobwereza m'kalata yopempha ntchito. Munthuyu akasankha Vim amalipira mtengo wa modi tsiku lonse kuti agule phindu limene ntchito yake silifuna kawirikawiri.

Okonda Vim ali ndi yankho, ndipo si lopanda nzeru. Amati wolakwa ndi amene amakhazikika mu modi yolemba. Munthu wozolowera amakhala mu modi yolamula nthawi zonse, amalowa mu yolemba kukalemba chiganizo chimodzi kapena ziwiri, ndipo dzanja limadina `Esc` lokha akangoima kuganiza kapena akangomva dzina lake. Akatero sakhala ndi chokumbukira, chifukwa akabwerera pa desiki amadziwa kuti ali mu modi yolamula, ndipo akakayika amadinanso `Esc`, amene savulaza kanthu. Ndikuvomereza kuti chizolowezichi chimathetsa zolakwa zambiri, ndiponso chimakonza `u`, chifukwa kubweza kumodzi kumachotsa zonse zimene zinalembedwa kuyambira polowa mpaka pa `Esc`, ndiye wolemba ndime zitatu osatuluka amazitaya zonse ndi `u` mmodzi. Koma taonani chimene yankholi likuvomereza: kuti modi ikhale yosaopsa, pamafunika miyezi yoti dzanja lizolowere kuitseka lokha, ndiko kuti udindo uchoke m'mutu ubwerere ku minofu, kumene Emacs inauika kuyambira tsiku loyamba. Kwa wokonza mafayilo a makina tsiku lililonse miyezi imeneyo imabwezedwa. Kwa wolemba makalata sindikuona chimene chingaibweze.

Kutsutsa kwina kumachokera ku zala. Kugwira `Ctrl` ndi chala chaching'ono chopindikira pakona kwa maola ambiri kumatopetsa, ndipo ogwiritsa ntchito Emacs eni ake amadandaula nazo. Malaputopu a kaunjika amawonjezera vutoli. Pa ma ThinkPad ambiri pakona pali `Fn` osati `Ctrl`, ndipo pa kiyibodi ya ku Britain batani la kumanja kwa mpata ndi `AltGr`, limene Emacs sililandira ngati `Alt`, choncho dzanja lamanzere limagwira ntchito yonse lokha. Apa Vim ili ndi mwayi weniweni, pakuti malamulo ake ambiri ndi batani limodzi pambuyo pa linzake. Komabe vutoli ndi la pamene batani lili, ndipo limasunthika. Pa Linux yoyendera X11 mzere umodzi umasandutsa `Caps Lock` kukhala `Ctrl`, ndipo wina umamusandutsa `Esc`:

```
setxkbmap -option ctrl:nocaps
setxkbmap -option caps:escape
```

Wa Emacs atenge woyamba, wa Vim wachiwiri, ndipo wa Vim amaphanso msampha wa `J` uja. Tiyeneranso kunena kuti Emacs si yoyera pa nkhani ya modi. Ukadina `C-x` pulogalamu imadikira batani lachiwiri, ndipo ukadodometsedwa pakatipo chilembo chotsatira chimakhala lamulo. `C-x C-s` amasunga fayilo pamene `C-x C-c` amatseka pulogalamu. Kusiyana kwake n'koti kudikiraku kumatha ndi batani limodzi, ndipo `C-g` amakuchotsa. Wochokera ku Word adzapezanso kuti `C-z` sabweza ndipo `C-v` samata, mpaka atayatsa `M-x cua-mode`, imene imabwezeretsa mabatani amene manja ake akuwadziwa.

Pali nkhani ina imene mabuku a ku Ulaya saikhudza, koma wolemba Chichewa amakumana nayo pa mzere uliwonse. Malamulo ambiri a mapulogalamu onse awiri amadalira chimene makina amachiona ngati liwu, ndipo mawu athu ali ndi kachizindikiro ka m'mwamba: ng'ombe, m'mudzi, n'kofunika, pang'ono. Vim, mmene imabwerera, imaona ng'ombe ngati zidutswa zitatu. Ukaima pa chilembo choyamba n'kudina `dw`, imachotsa `ng` yekha n'kusiya `'ombe`. Ukadina `*` pa chiyambi cha m'mudzi kuti ufufuze liwulo, imafufuza `m`. Ubwino wonse wa chochita ndi pofikira umapunduka ngati pofikirapo pakuima pakati pa liwu. Ungagwiritse ntchito `dW` wa chilembo chachikulu, amene amadula pa mpata pokha, koma amatenganso koma kapena mpumiro womamatira ku liwulo. Njira yokhalitsa ndi kuika mzere uwu mu `~/.vimrc`:

```
autocmd FileType text,markdown setlocal iskeyword+=39
```

Nambala 39 ndiyo ya kachizindikiro kowongoka ka pa kiyibodi. Malire ake ndi awiri. Mawu ogwidwa pakati pa tizizindikiro tomweto amatengedwa pamodzi nato, ndipo mawu okopedwa ku Word amabwera ndi kachizindikiro kopindika, kamene makonzedwewa sakafikira, choncho kayenera kusinthidwa kaye ndi `:%s/’/'/g`. Emacs, ikatsegula fayilo ya `.txt` mu `text-mode`, imawerenga kachizindikiro kowongokako ngati mbali ya liwu popanda kuuzidwa, ndipo `M-f` amadumpha ng'ombe yonse, `M-d` amaifufuta yonse. Si chifukwa choti wina ankaganizira Chichewa, koma phindu lake ndi lathu.

Chilembo cha ŵ chimapereka mwayi mbali inayo. Olemba Chichewa ambiri anachisiya, koma ku Machinga kumene Chiyao chili ponseponse sichingathawike, pakuti mawu wamba ngati ŵandu amachifuna. Mu Vim, uli mu modi yolemba, udina `Ctrl-K` kenako `w` ndi `>`, chilembocho chatuluka. Mu Emacs njira yosafuna kukonzeratu ndi `C-x 8 RET 0175 RET`, yaitali moti womasulira nyimbo za mpingo kapena uthenga wa zaumoyo m'Chiyao ayenera kudziikira batani lake. Onaninso kuti `Ctrl-K` ndi kugwira mabatani awiri pamodzi. Vim ili ndi malamulo ambiri otere: `Ctrl-R` kubweza chimene `u` wachotsa, `Ctrl-W` kufufuta liwu uli mkati molemba, `Ctrl-A` kuwonjezera 1 pa nambala, kotero kuti `5` ndi `Ctrl-A` pa mzere wa mpunga uja zimasandutsa 12 kukhala 17. Malire a njira ziwirizi si khoma.

Kutsutsa kumene sindingakugonjetse ndi kwa kupezeka. Mnyamata kapena mtsikana amene wamaliza za makompyuta ku MUBAS, ku MUST kapena ku UNIMA n'kupatsidwa ntchito yosamalira maseva a Linux, kaya a banki, a kampani ya mafoni kapena a chipatala, adzalowa m'makina akutali kudzera pa `ssh`, ndipo kumeneko `vi` amapezeka pafupifupi nthawi zonse chifukwa ali m'muyezo wa POSIX, pamene Emacs iyenera kuikidwa mwapadera. Ntchito yake ndi ija imene Vim imaikonda: kusintha nambala pa mzere 45 wa fayilo ya makonzedwe, kumene `:45` amakufikitsa nthawi yomweyo. Akakakamizika kulowa ndi foni kudzera pa Termux, kudina mabatani limodzilimodzi n'kosavuta kuposa kugwira awiri pa galasi, ngakhale Termux imalola batani lotsitsa voliyumu kugwira ntchito ya `Ctrl`. Mapulogalamu osunga ntchito netiweki ikaduka amalandanso mabatani a Emacs, pakuti `tmux` imatenga `C-b` ndipo `screen` imatenga `C-a`. Komabe netiweki yochedwa imaluma mbali zonse. Zilembo zikamaoneka patapita sekondi, munthu amatayipa mwakhungu, ndipo ngozi ya dengu ija imakula chifukwa chizindikiro cha modi chimafika mochedwa. Ndiponso katswiri yemweyo, asanatsegule `vi`, ali pa mzere wa malamulo wa `bash`, umene mwachibadwa umamvera mabatani a Emacs: `C-a` kumayambiriro, `C-e` kumapeto, `C-k` kudula, `C-r` kufufuza malamulo akale. Wosamalira maseva amathera pogwiritsa ntchito njira zonse ziwiri pa ola limodzi, afune asafune, pokhapokha atalemba `set -o vi`.

Za magetsi, amene kuno sachenjeza pochoka, sizisiyanitsa kwenikweni. Vim imalemba fayilo yachitetezo ya `.swp` pakatha zilembo 200 kapena masekondi 4 osatayipa, ndipo imabwezedwa ndi `vim -r` ndi dzina la fayilo. Emacs imasunga yake pakatha zilembo 300 kapena masekondi 30, ndipo imabwezedwa ndi `M-x recover-file`. Pa kompyuta ya pa desiki yopanda batire wa Vim angataye mawu ochepa pang'ono, basi.

Ena amati mkangano unatha chifukwa pali Evil, phukusi loika modi za Vim mkati mwa Emacs, limene Spacemacs ndi Doom Emacs zinamangidwapo. Evil imabweretsadi chochita ndi pofikira, ndi kadontho komwe, ndipo imachita bwino. Koma imabweretsanso modi yonse ndi misampha yake, kuwonjezera apo pali mawindo ena a Emacs amene samvera mabatani a Vim mpaka utaikanso phukusi lina, ndiye chokumbukira chimakhala chochuluka kuposa poyamba. Imayankha funso loti ndi pulogalamu iti, osati loti ndani asenze modi. Funso lachiwirili munthu angaliyankhe poyang'ana mafayilo amene anagwira sabata yatha. Ngati ambiri ali makalata, malipoti ndi zomasulira, aphunzire mabatani a Emacs pafupifupi khumi ndi awiri, `C-g` akhale woyamba, ndipo pa `vi` adziwe zongomutulutsa m'mavuto: `i`, `Esc`, `u`, `:wq` ndi `:q!`. Ngati ambiri ali mindandanda ya mizere yofanana, mafayilo a makonzedwe ndi kodi, athere mphindi 30 pa `vimtutor`, amene amabwera ndi Vim yathunthu ndipo safuna bando, asunthe `Esc` kupita pa `Caps Lock`, ndipo aike mzere wa 39 uja asanatsegule fayilo yoyamba ya Chichewa.